Asisi Ebelesi ndi Nyumba Zopanda Khichini

Asisi anga a Ebelesi Mbewe anabadwira ku Zingalume. Ndi achitatu mwa ana asanu ndi awiri a bambo Yoweli Mbewe, mkulu wa mpingo wa Reformed amene moyo wake wonse wakhala akulima chimanga ndi thonje. Ine Thokozile ndine mzime, ndipo ndimasoka zovala pa msika wa pa boma ku Chadiza.

Asisi anagwira unesi zaka khumi ndi zitatu pa kiliniki ina ya cha ku Zemba. Pa pepala anali nesi. Koma poti dokotala yekhayo amene ankapezeka pamenepo anali wa pa chithunzi cha kalendala, iwo ndiwo ankayeza odwala, kulemba mankhwala, kuwapereka pa windo, kubereketsa azimayi, ndipo mlonda akapita ku maliro ankakiyanso geti. Anthu ankawaopa pang'ono. Munthu akasiyira mankhwala panjira, kapena akamagawana mapilisi ndi mkazi wake, ankamukalipira mzere wonse ukumva.

Amuna awo a Maybin, amene anali mphunzitsi, anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto mu 2019, n'kuwasiyira ana awiri, Michelle ndi Andreya. Chaka chomwecho asisi anapezeka ndi bipi, nayamba kumwa pilisi limodzi m'mawa uliwonse.

Mu 2022 anamva zoti ku Lusaka kuli kampani imene ikufuna manesi okagwira ntchito m'nyumba zosungira okalamba ku Jeremani. Sanauze munthu mpaka dzina lawo litatuluka. Anakakhala ku Lusaka miyezi isanu ndi inayi akuphunzira Chijeremani, anakhoza mayeso a giredi imene amaitcha B1, ndipo mu Okutobala 2023, ali ndi zaka 39, anakwera minibasi ya ku Chipata. Ana anawasiya kwa ine. M'sutikesi munali majekete awiri a salaula, ovalidwapo kale, mfutso wa chibwabwa, nsinjiro, Baibulo ndi mapilisi a bipi a miyezi itatu. Atate anapemphera pa siteshoni mpaka kondakitala anachita kutsokomola.

Zonse zimene ndikambe pano ndinazimva kwa eniake. Tsiku lililonse akaweruka ankanditumizira mawu pa foni, ine n'kumamvetsera ndikupalasa makina.

Anafikira m'katauni kena ka kum'mwera kwa dzikolo. Nyumba ya okalambayo inawapatsa kachipinda ka pamwamba penipeni, pafupi ndi posungira matewera, ndipo anawauza tsiku lomwelo kuti ndi ka miyezi itatu basi, pambuyo pake adzipezere okha pokhala. Woyang'anira manesi, Mayi Hummel, anawatengera ku ofesi ya khonsolo tsiku lachitatu kukalembetsa adiresi. Kumeneko lamulo limati munthu ukalowa m'nyumba ukalembetse asanathe masabata awiri, utanyamula pepala losainidwa ndi mwini nyumba. Popanda kutero, a banki ndi ena onse amakuyang'ana ngati sunafike.

Ntchito anayamba ngati wothandizira, chifukwa setifiketi yawo ya unesi inali isanavomerezedwe. Kuti ivomerezedwe ankafunika kukhoza Chijeremani cha B2, kenako mayeso ena a unesi wa kumeneko. Choncho munthu amene anabereketsa theka la ana a ku Zemba ankasambitsa agogo, kuwadyetsa ndi kuyala mabedi, ndipo jakisoni sankaloledwa kugwira. Sanadandaule. Anangoti, "Iwe Thoko, kuno magulovu satha."

Chimene chinawadabwitsa ndi chilankhulo. Chijeremani cha ku Lusaka chinali cha m'buku, cholankhulidwa pang'onopang'ono ndi mphunzitsi wolipidwa. M'tauniyo anthu anali ndi chawochawo, makamaka okalamba. Asisi anati zinali ngati mzungu waphunzira Chichewa m'Baibulo n'kukatsikira pakati pa Ansenga a ku Petauke. Sabata yoyamba, chimene ankamva bwinobwino chinali dzina lawo, nalonso litapindidwa.

Zina sizinawavute. Zoti wamkulu sum'tchula iwe, Ajeremani nawo ali nazo, ndipo asisi anazigwira tsiku limodzi pamene anzawo a m'kalasi ankalimbana nazo. Koma zoti tebulo ndi mwamuna, chitseko ndi mkazi, pamene mtsikana ali m'gulu limodzi ndi buku ndi madzi, anati sakufuna kufunsa chifukwa chake, angoloweza. Anamata timapepala pa chilichonse m'chipinda mwawo. Lachiwiri ndi Lachinayi masana ankapita ku kalasi.

Mdani wawo weniweni anali foni. Munthu akamalankhula nawo maso ndi maso ankathandizidwa ndi milomo ndi manja. Pa foni panalibe milomo. Tsono kumeneko chilichonse chimayamba ndi foni, chifukwa sungangotulukira pamalo. Uyenera kupatsidwa kaye tsiku ndi ola, zimene amazitcha Termin. Asisi ankalemba papepala zimene akanene, n'kuziwerenga mosaphonya, ndipo vuto linkayamba wa mbali inayo akayankha.

Nyumba anayamba kufuna mu Novembala. Anatumiza mauthenga makumi anayi pa intaneti, ndipo anayankhidwa kasanu. Awiri anati nyumba yapita. Mwamuna wina pa foni, atangomva kalankhulidwe kawo, anafunsa kumene akuchokera, ndipo atamva anati nyumba yapita m'mawa womwewo. Patatha masabata awiri nyumbayo inali ikadali pa intaneti. Asisi anandiuza zimenezi ndi mawu omwe amanenera kuti kunja kukugwa mvula, kenako anafunsa ngati Andreya wasiya kutaya masokosi.

Nyumba yoyamba imene anaitanidwa kukaona, anapeza anthu oposa makumi awiri ali pamzere pa masitepe, aliyense ndi faelo m'khwapa. Iwo anali ndi chikwama cha m'manja. Analowa, anaona chipinda chogona, anaona bafa, kenako anafika m'chipinda china chopanda kanthu, mapaipi awiri atangotuluka m'khoma ndi waya akulendewera kudenga.

"Pepani," anatero kwa mnyamata wovala suti amene ankaonetsa nyumbayo, "kunabwera akuba?"

"Ayi. Iyi ndi khichini."

"Nanga sinki? Chitofu?"

"Amene ankakhala muno anapita nazo. Ndi zawo. Inunso mubwera ndi zanu."

Asisi anayang'ananso wayayo. Ndi babu yomwe anali atapita nayo.

Potuluka mnyamatayo anawapatsa mndandanda wa mapepala ofunika: mapeyisilipi a miyezi itatu, pamene iwo anali ndi imodzi, kalata ya mwini nyumba wakale, ndi pepala la kampani ina imene imasunga mbiri ya munthu aliyense pa nkhani ya kulipira. Asisi anaitanitsa pepalalo, ndipo linabwera likunena kuti kampaniyo sikudziwa kanthu za iwo. Iwo anaona ngati ndi mbiri yabwino. Mayi Hummel anawauza kuti eni nyumba ambiri saiona choncho.

Anaphunziranso kuti lendi ili pawiri, yozizira ndi yotentha. Yozizira ndi ya makoma okha. Yotentha ndi pamene aphatikizapo zotenthetsera nyumba, madzi ndi zinyalala. Imene amailemba ndi zilembo zazikulu ndi yozizira.

Nthawi yomweyo mapilisi anali kuchepa. Kwathu kuno bipi si nkhani: umapita ndi kabuku kako, amakuyeza, amakupatsa, ndipo ngati atha umakagula pa famase ku Chipata. Asisi analowa m'famase ya m'tauniyo ndi kabokosi kopanda kanthu, n'kukaika pa kauntala. Mayi wa pamenepo anakawerenga, anagwedeza mutu kuti mankhwalawo alipo, koma popanda pepala la dokotala sangagulitse. Anawafotokozera kuti ayenera kupeza dokotala wawowawo, wa pa banja, amene azidzayambira kwa iye pa chilichonse.

M'tauniyo munali madokotala otere asanu. Asisi anaimbira onse. Anayi anayankha ndi mawu ofanana, ndipo asisi anachita kuwalemba n'kukafunsa mphunzitsi: sitikulandira odwala atsopano. Pa wachisanu anali atakonzeka.

"Ine sindine wodwala watsopano," anatero. "Ndayamba kudwala mu 2019."

Mayi wa pa foniyo anati, "Kwa ife ndinu watsopano." Anawafunsanso ngati ali ndi kadi ya inshuwalansi. Analibe. Inshuwalansi ankadulidwa pa malipiro mwezi uliwonse, koma kadi inali isanabwere, ndipo iwo ankangodikira, monga mmene munthu amadikirira fetereza wa koparetivu.

Pakati pa Disembala anawerenga mapilisi napeza atsala makumi atatu. Anatenga mpeni n'kuyamba kuwadula pakati. Izi sanandiuze. Ndinadzazimva zitachitika kale.

Pa okalamba amene ankawasamalira panali a Renz, a zaka 87, amene kale anali kalipentala. Miyendo inali itasiya kugwira ntchito koma pakamwa panali bwinobwino. Anthu ena ogwira ntchito ankawathawa chifukwa ankakonda kukonza aliyense. Asisi akanena mawu a m'buku, a Renz ankapukusa mutu n'kuwanenanso m'chilankhulo cha kumudzi kwawo, mpaka asisi atabwereza molondola. Madzi osamba ankazizira iwo akudikira. Asisi poyamba ankaona ngati ndi nkhanza, koma pofika Khirisimasi anazindikira kuti ayamba kumva zimene agogo a m'nyumbamo amanena, kuphatikizapo zimene amanena za iwo.

Tsiku lina akuwameta ndevu, anawafunsa, poti anali kalipentala, kuti khichini imagulidwa bwanji. A Renz anafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo asisi anafotokoza za mapaipi aja ndi mauthenga makumi anayi. Inali nkhani yaitali kuposa ina iliyonse imene anakambapo m'Chijeremani. A Renz anamvetsera yonse, anakonza mawu asanu ndi limodzi, kenako anawauza kuti amalize kumeta.

Mu Januwale, Lachitatu lina m'mawa, asisi akuwerama kuti amange nsapato za agogo ena, anamva mutu ukugunda kumbuyo ngati mtondo. Anamaliza kumanga nsapato zonse ziwiri, anapita mu ofesi ya manesi, anatenga makina n'kudziyeza. Mayi Hummel analowa nambala zikadali pa galasi: 185 pa 110.

"Ndi za ndani izi?"

"Zanga."

"Mumamwa mankhwala?"

"Ndimamwa."

"Angati?"

Asisi anatulutsa kabotolo m'thumba. Munali tizidutswa. Mayi Hummel ndi mayi wamtali wosaseka wamba, amene wagwira ntchito imeneyi zaka makumi atatu. Anayang'ana tizidutswato nthawi yaitali, kenako anafunsa za kadi. Atamva kuti sinabwere, anafunsa ngati a inshuwalansi sanalembe kalata. Asisi anati makalata amabwera ambiri, ndipo onse akusungidwa bwino. Anakwera kuchipinda n'kutsika ndi pulasitiki yodzaza. Anali ndi dongosolo loti Lamlungu lililonse aziwerenga kalata imodzi ndi dikishonale, koma makalata ankabwera anayi pa sabata.

Kalata ya inshuwalansi inali ya mu Novembala. Inkapempha chithunzi cha nkhope yawo kuti apange kadi. Panalinso ina ya mu Disembala yokumbutsa.

Mayi Hummel sanakalipe. Anaimbira a inshuwalansi, ndipo anavomera kutumiza pepala logwira ntchito m'malo mwa kadi. Kenako anaimbira Dokotala Weller, mayi amene amabwera Lachinayi lililonse kudzaona okalamba a m'nyumbamo, ndipo dokotalayo anati asisi afike ku ofesi yake isanakwane 11 koloko. Pepala la inshuwalansi linafika kwa dokotala pa fakisi. Asisi anaima pofotokoza kuti anditsimikizire kuti ndamva bwino: fakisi, imene pa boma pano inatha ine ndili ku sukulu.

Ofesi ya Dokotala Weller inali imodzi mwa zisanu zija. Mayi wa pa kauntala anali yemwe uja wa pa foni. Onse awiri anazindikirana mawu.

Dokotala anawayeza mikono yonse iwiri, anawamvetsera pamtima, anafunsa ngati akuona bwino ndiponso ngati pachifuwa pakupweteka. Asisi anayankha zonse, poti mawu a chipatala ndiwo ankawadziwa kuposa a mumsewu. Anatchula dzina la mankhwala ndi mlingo wake.

"Mumamwa tsiku lililonse?"

"Theka. Kuyambira sabata yatha, theka pa masiku awiri."

"Anakuuzani ndani?"

"Ndinadziuza ndekha."

"Kwanu munkagwira ntchito yanji?"

"Unesi. Zaka khumi ndi zitatu."

Dokotala anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Wodwala wanu akanachita zimenezi mukanatani?"

"Ndikanamukalipira pamzere."

"Ife kuno tilibe mzere wotero," anatero dokotala, akulemba. Anawapatsa pepala la mankhwala a miyezi itatu, lina la masiku atatu opuma, ndi tsiku lodzatengetsa magazi. Kenako anauza mayi wa pa kauntala kuti awatsegulire faelo. Mayiyo anakumbutsa kuti sakulandira atsopano. Dokotala anati akudziwa, koma uyu akamusiya ayamba kudula kanayi.

Ku famase analipira mayuro asanu. Ananditumizira chithunzi cha kabokosiko, ndipo m'pamene anandiuza nkhani yonse. Ndinawakalipira mphindi zinayi zathunthu, koyamba chibadwire. Anamvetsera, nayankha ndi kachithunzi ka pa foni ka chala chachikulu chokweza m'mwamba.

Miyezi itatu ya kachipinda inatha nyumba isanapezeke. Mayi Hummel anawonjezera mwezi umodzi, nanena kuti kupitirira apo sizingatheke chifukwa mu Malichi kukubwera manesi ena awiri ochokera ku India. Asisi anaonanso nyumba ziwiri. Ina inali pansi pa nthaka, windo lake likuyang'ana matayala a magalimoto. Anaifuna, koma mwini wake anapatsa wina.

Lamlungu loyamba la Febuluwale ali pa ntchito, mayi wina wa imvi wovala jekete yobiriwira anawaimitsa m'khonde. Anali Mayi Gisela, mwana wa a Renz, amene ankabwera Lamlungu lililonse ndi keke.

"Ndinu amene mukufuna khichini?"

"Ndikufuna nyumba."

"Bambo anga akuti khichini. Akhala akundivutitsa kuyambira Khirisimasi."

Nyumba ya a Renz inali m'mudzi wina makilomita asanu ndi anayi kuchokera m'tauni. Mayi Gisela ankakhala pansi, ndipo pamwamba, m'kati mwa denga, munali zipinda ziwiri zimene zinakhala zotseka zaka zitatu chichokereni munthu wina amene ankaimba ng'oma. Mayi Gisela ananena mosabisa kuti sankafunanso munthu pamwamba pawo. Ananenanso kuti basi imadutsa kamodzi pa ola, ndipo Lamlungu m'mawa kulibe, pamene ntchito imayamba 6 koloko. Asisi anafunsa ngati msewu uli wa tala. Atamva kuti ndi tala yekhayekha, ndipo njinga zili ndi kamsewu kakekake, anafunsa kuti vuto lili pati. Ali mtsikana ankapalasa kuchoka ku Zingalume kufika pa boma atamanga thumba la mtedza kumbuyo.

Anakaona Loweruka. Denga linali lopendekera, moti munthu amaima mowongoka pakati pokha. Khichini inalipo, yobiriwira ngati masamba a mpiru, yopangidwa ndi a Renz eniake mu 1979, ndipo madirowa ake ankatseguka ndi chala chimodzi. Asisi anatsegula ndi kutseka dirowa imodzi katatu. Akuti apo m'pamene misozi inabwera, ndipo Mayi Gisela anatembenuka n'kuyamba kufotokoza za mita ya magetsi.

Mayi Hummel anafuna kuona pangano asanasaine, chifukwa wogwira ntchito saloledwa kulandira mphatso kwa okalamba kapena abale awo. Anapeza kuti lendi ndi yofanana ndi ya nyumba zina za m'mudzimo, ndipo anati palibe mphatso pamenepo. Panganolo linali la masamba khumi ndi anayi. Asisi analiwerenga lonse ndi dikishonale masiku asanu, osaliika mu pulasitiki. Chikole chinali lendi yozizira ya miyezi iwiri, ndipo anapeza okha kuti lamulo limalola kuchipereka m'zigawo zitatu. Mayi Gisela anati n'zoona, ngakhale kuti palibe anawapemphapo zimenezo.

Tsiku lolowa anayenda awiriwo chipinda ndi chipinda akulemba chilema chilichonse: kokalika pa chitseko, tailosi yosweka m'bafa, nambala za pa mita. Onse anasaina. Kenako Mayi Gisela anatulutsa kamakina n'kudinda dzina loti MBEWE, nalimata pa belu ndi pa bokosi la makalata, chifukwa kumeneko wa positi amayang'ana dzina, ndipo likasowa kalata imabwerera. Sabata yomweyo asisi anapita okha ku ofesi ya m'mudzimo kukalembetsa adiresi yatsopano. Termin anachita kupangana okha pa foni, ndipo anangopempha kawiri kuti abwereze.

Malamulo a pa nyumba anali ambiri. Zinyalala zimapatulidwa m'mabini anayi. Lamlungu suchita phokoso. Dera limenelo lilinso ndi mwambo wa sabata yosesa: kachikwangwani kakapachikidwa pa chitseko chako, masitepe ndi kutsogolo kwa nyumba ndi zako mpaka Loweruka. Mayi Gisela anafotokoza zimenezi mosamala, ngati akuopa kuti munthu akhumudwa. Asisi anasesa ngati pa bwalo la atate, mpaka m'mphepete mwa msewu, n'kuzulanso udzu wa pakati pa miyala. Mayi wa nyumba yoyandikana anatuluka kudzaona, ndipo kuyambira tsikulo anayamba kuwapatsa moni.

Pamene analakwa ndi pa mawindo. Kunja kunkazizira, ndiye anatseka paliponse, n'kumayanika zovala m'chipinda. Patatha masabata asanu, pakona ya denga panamera nkhungu yakuda. Mayi Gisela anakwera, anaiona, ndipo nkhope yawo inasintha ngati aona njoka. Anatsegula mawindo onse mbali zonse ziwiri, mphepo n'kuulutsa timapepala ta mawu tija, nanena kuti zizichitika chonchi kawiri pa tsiku, mphindi khumi, kaya kunja kuli chisanu chotani. Zinalimo m'pangano, tsamba lachisanu ndi chinayi. Asisi anali ataliwerenga, koma ankayesa ndi malangizo chabe. Anapukuta nkhunguyo ndi mankhwala, ndipo mpaka lero amatsegula mawindo atavala jekete, akuyang'ana wotchi.

Mayeso a B2 analemba mu Epulo. Gawo lolankhula anakhoza bwino, ngakhale woyesa mmodzi anawafunsa, akudziletsa kuseka, kuti mawu ena anawatola kuti. Gawo lolemba analephera. Funso linali loti alembe kalata yodandaula ku kampani imene yawagulitsa chinthu chowonongeka. Asisi anayamba monga analeredwera: anapereka moni, anafunsa za umoyo wa a kampaniyo, anathokoza chifukwa cha ntchito yabwino imene amagwira, anapepesa powatayitsa nthawi. Pamene ankafika pa chinthu chowonongekacho, nthawi inali itatsala pang'ono, ndipo dandaulo lonse linakwana mizere iwiri.

Mayi Gisela, amene anagwirapo ntchito mu ofesi ya kampani ya zomangamanga, anamva nkhaniyi pa masitepe. Anati kalata yodandaula imayamba ndi dandaulo. Kwa miyezi iwiri, Loweruka lililonse masana, asisi ankatsika ndi kalata imodzi: yodandaula za firiji, za basi yochedwa, za hotela imene sanagonemo. Mayi Gisela ankadula ndi bolopeni yofiira chilichonse chooneka ngati ulemu wopitirira. Mu Julayi asisi anabwereza gawo lolembalo ndipo anakhoza. Kalata yotsatira imene analembera atate ku Zingalume inali yaifupi moti atate anandiimbira kufunsa ngati mwana wawo wakwiya.

A Renz anamwalira mu Seputembala, Lachiwiri masana, asisi ali pa ntchito. Iwo ndi mnzawo wina ndiwo anawasambitsa. Asisi anadikira kumva za maliro tsiku lotsatira, koma anauzidwa kuti mwambo udzachitika pakatha masabata atatu, mtembo ukatenthedwa. Anafunsa ngati anthu abwera kudzakhala pa nyumba masiku amenewo. Kunalibe wobwera. Ataweruka anatsika, anagogoda, nauza Mayi Gisela kuti kwawo namfedwa sasiyidwa yekha. Anakhala pa mpando wa m'khichini osalankhula. Mayi Gisela anasowa chochita nawo, kenako anaphika khofi, natulutsa zithunzi za mipando ndi makabati amene bambo awo anapanga. Asisi anatsika motero masiku asanu.

Pa mwambo panali anthu makumi awiri ndi atatu. Unayamba 2 koloko, ndipo isanakwane 3 koloko anthu anali akudya keke m'lesitilanti. Palibe analira mokweza. Asisi akuti anagwira pakamwa ndi mpango kuti asachititse manyazi banja.

Mayeso a unesi anakhoza kumayambiriro kwa 2025, ndipo setifiketi yawo inavomerezedwa. Tsopano amagawa mankhwala, amabaya jakisoni, ndipo Lachinayi ndiwo amayenda ndi Dokotala Weller m'zipinda. Bipi ili bwino. Kunenepa ananenepa pang'ono, ndipo amati ndi buledi.

Chaka chino ayamba mapepala otengera ana. Michelle ali mu giredi 10 ndipo akufuna kupita. Lamlungu tikachoka ku tchalitchi amakhala pa khonde ndi foni yanga, amayi ake akumuphunzitsa kuwerenga manambala, amene kumeneko amatchulidwa chobwerera, kuyamba ndi ya kumapeto. Andreya ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo wanena kuti sapita kulikonse mpaka timu yawo itamaliza ligi ya masukulu. Mapasipoti tinakatenga ku Chipata mwezi watha. Tsiku lokaonekera ku embase ku Lusaka latuluka, ndi la mu Novembala, ndipo wowaperekeza ndine. Asisi anditumizira mndandanda wa mapepala khumi ndi limodzi, nandiuza kuti ndigule faelo, ndisaike mu pulasitiki ya shuga. Agula kale mabedi awiri akale kwa munthu wa m'mudzi womwewo. Anawanyamula pa kangolo ka njinga, maulendo anayi, ndipo panopa aimikidwa m'garaja ya Mayi Gisela.